Makina ochapira zovala akudontha: madziwo akuchokera pati?

Madzi amene mumawapeza pansi pa makina ochapira kawirikawiri satulukira pamalo amene aimapo. Amatulukira kwina, n'kutsetsereka m'mbali mwa mgolo, kudutsa pa chitsulo cha pansi, kenako n'kutsata kupendekeka kwa simenti mpaka kukadikha kutsogolo kumene maso anu amayamba kufika. N'chifukwa chake anthu ambiri amathamangira kugula rabala ya chitseko, yomwe ndi yodula, pamene vuto linali karabala kakang'ono ka pa mpopi. Mayankho otsatirawa akukhudza makamaka makina a chitseko cha kutsogolo, ndipo a migolo iwiri, wochapira ndi wofinyira, tiwatchula chakumapeto.

Ndapeza madzi pansi pa makina anga. Ndiyambe ndi chiyani?

Yambani ndi magetsi. Makinawa amayendera magetsi a m'nyumba a mavoti 230, ndipo mota ndi pampu zili m'munsi momwemo mmene madzi odontha amathera. Ngati madzi afika pomwe muyenera kuponda kuti mufike pa soketi, musapondepo. Kazimitseni pa bokosi lalikulu la magetsi, ndiye mubwere kudzazula pulagi ndi manja ouma. Mukatero tsekani mpopi wolowetsa madzi m'makina.

Musanakolope, ayang'aneni madziwo ndi kuwagwira, chifukwa ali ndi nkhani yoti akuuzeni. Oyera, ozizira, opanda fungo la sopo, ndiye kuti sanafike mumgolo, ndipo akuchokera ku mpopi, ku paipi yolowetsa kapena ku valavu. Oterera m'zala, otuwa kapena a thovu, adutsa kale m'zovala. Ofiirira ngati a dzimbiri ndi nkhani ina yolemerapo, imene tiifikira.

Kenako kololani mpaka pansi paume gwa, mupukutenso thupi lonse la makina ndi mapaipi ake. Pamalo ponyowa kale simungaone dontho latsopano. Onetsetsaninso kuti wolakwa ndi makinawo. Sinki yoyandikana nayo, paipi ya m'khoma, ngakhale chidebe chimene mwana anagubuduza, zonsezi zimasiya madzi pamalo omwewo.

Nanga ndidziwa bwanji malo enieni, popeza zam'kati sindiziona?

Funso lothandiza kwambiri ndi lakuti madziwo akutuluka nthawi iti. Makina amagwira ntchito m'magawo, ndipo gawo lililonse limadutsitsa madzi m'njira yakeyake.

Poyamba madzi amachoka pa mpopi, kudutsa m'paipi yolowetsa, kufika pa valavu yamagetsi yomwe ili kumbuyo chakumwamba. Valavu ikatseguka, madzi amagwera m'kabokosi ka sopo, n'kutsikira mumgolo kudzera m'paipi yaifupi yonenepa. Migolo ilipo iwiri: wam'kati, wachitsulo chonyezimira chobooledwa timabowo, umene mumaikamo zovala, ndi wakunja, umene simuuona, womwe ndi wosunga madziwo. Rabala ya chitseko imalumikiza mgolo wakunjawu ndi khoma lakutsogolo la makina. Pansi pa mgolo wakunja pali paipi ina yakuda yokwinyikakwinyika yopita ku pampu, ndipo pampuyo imakankha madzi akuda kudzera m'paipi yotayira mpaka ku ngalande.

Tsono tengani katoni yoyala bwino kapena nyuzipepala zouma, muzilowetse pansi pa makina ndi kuzungulira mbali zonse. Tsegulani mpopi koma makina musayatse, mudikire mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Pakanyowa pamenepa, vuto lili pakati pa mpopi ndi valavu, chifukwa ndi gawo lokhalo limene limakhala ndi madzi opanikizika makina ali chozima. Pakakhala pouma, bwezerani pulagi, musankhe pulogalamu yaifupi, opanda zovala ndi opanda sopo, mukhale pambali ndi tochi. Musachokepo. Dontho likagwa pamene madzi akulowa, ganizirani valavu, kabokosi ka sopo ndi paipi yake. Likagwa mgolo utayamba kutembenuka ndi madzi, ganizirani rabala ya chitseko, paipi ya pansi pa mgolo ndi sefa. Likagwa pampu italira kutaya madzi, ganizirani pampuyo, paipi yotayira ndi ngalande. Likaoneka pofinya pokha, mgolo ukuzungulira mwamphamvu, ndiye kuti pali ng'ambo imene imatseguka mgolo ukagwedezeka, kapena chotsekera cha kumbuyo kwa mgolo chatha.

Makina ena sadontha ali opanda kanthu, chifukwa mgolo wopepuka sukoka rabala. Mukapanda kuona kanthu ulendo woyamba, bwerezani mutaikamo matawulo angapo. Ndipo mukapeza ponyowa, tsatirani mzere wa madziwo chokwera mpaka mufike pamene pamwamba pake pali pouma. Madzi sakwera okha, choncho malo onyowa apamwamba kwambiri ndiye gwero.

Kumbuyo kumanyowa ngakhale makina asakugwira ntchito. N'chiyani?

Pafupifupi nthawi zonse ndi paipi yolowetsa madzi. Kumapeto kwake konse kuwiri kuli nati yapulasitiki ya mazinga a 3/4 inchi, ndipo m'kati mwa nati iliyonse muli karabala kozungulira kaphanthiphanthi. Karabalako ndi kamene kamatseka madzi, mazinga ntchito yawo ndi kungokapanikiza. Ichi n'chifukwa chake kukulunga tepi yoyera ya mapaipi pa mazinga sikuthandiza pamalo amenewa. Karabala kakauma, kakasweka kapena kakakhala mopendekeka, madzi adonthabe ngakhale mukulunge tepi yonse.

Kulungani tishu youma pa nati iliyonse, muone yoyamba kunyowa. Tsekani mpopi, masulani natiyo muli ndi kabeseni pansi, muchotse karabala ndi kuika katsopano. Pomanga gwiritsani ntchito dzanja, nati ilowe mowongoka. Pulaya imaswa nati yapulasitiki, ndipo choopsa kwambiri, imathyola khosi la valavu lomwenso ndi lapulasitiki.

Poti mwamasula, suzumirani pakamwa pa valavu. Muli kasefa kakang'ono kamene mutha kukasolola pang'onopang'ono ndi pulaya n'kukatsuka. Kumadera kumene madzi amasowasowa, akamabwera amayamba ndi matope ndi mchenga, ndipo zonsezo zimakathera pa kasefa kameneka. Mchenga ukadutsa, valavu imalephera kutsekeka bwino. Chizindikiro chake n'chakuti mumadzuka m'mawa n'kupeza madzi mumgolo, makina ali chozima. Valavu yoteroyo imafuna kusinthidwa, apo ayi tsiku lina madzi adzadzaza mgolo n'kusefukira.

Yendetsaninso zala pa paipi yonse. Ikatupa penapake, ikachita ming'alu pokhotera kapena ikaphwanyika chifukwa makina anakankhidwira kukhoma, isintheni osadikira. Opanga makina ambiri amalangiza kusintha mapaipi amenewa pakatha zaka zisanu, chifukwa paipi yolowetsa ikaphulika madzi sasiya mpaka wina atseke mpopi.

Madzi akutsika kuchokera pa kabokosi ka sopo. Chasweka n'chiyani?

Nthawi zambiri palibe chasweka. Sopo waufa ndi mankhwala ofewetsa zovala zimaundana m'kabokosimo ndi m'timabowo ta pamwamba pake, ndiye madzi m'malo mogwera pansi amathovokera kutsogolo. Sololani kabokosi konse, potsindika kachotsekera kamene kali m'chigawo chapakati, mukatsuke ndi madzi ofunda ndi mswachi wakale. Tsukaninso denga la malo amene kamalowamo. Ngati mphamvu ya madzi kwanuko ndi yaikulu, tsekani mpopi pang'ono muone ngati zasintha. Makina opendekekera kutsogolo nawonso amataya madzi pamenepa, choncho konzani miyendo yake aime chilili.

Vuto lina limene ndimaliona kawirikawiri ndi sopo wolakwika. Sopo waufa wochapira pamanja anapangidwa kuti azichita thovu lambiri, pomwe makina a chitseko cha kutsogolo amachapa ndi madzi ochepa, akumenyetsa zovala pansi. Thovu limadzaza mgolo, n'kukwera paipi ya sopo chobwerera, kutulukira pa kabokosi kapena pa kabowo ka mpweya kumbuyo. Likaphwa limasiya madzi pansi, ndipo mwini wake amayamba kusakasaka bowo limene kulibe. Ngati makina sadontha mukawayesa opanda sopo koma amadontha pochapa, ndipo pagalasi mumaona thovu lafika kupitirira theka, gulani sopo wolembedwa kuti ndi wa makina, muchepetsenso muyezo.

Ndikukayikira rabala ya chitseko. Ndiyiyang'ane bwanji?

Rabala imeneyi ili ndi malo awiri odonthera, ndipo zizindikiro zake n'zosiyana.

Oyamba ndi mlomo wake wakunja, umene galasi la chitseko limaupanikiza. Pakadontha apa, mumaona mzere wa madzi ukutsika pa khoma lakutsogolo kuchokera pansi pa chitseko. Chifukwa chake chimakhala chaching'ono modabwitsa. Tsitsi limodzi, ulusi kapena kansalu kogona mopingasa pa mlomowo kamakoka madzi dontho ndi dontho mpaka kuchapa kutha. Zoyera zouma za sopo zimene zimamatirira m'munsi mwa galasi nazonso zimalepheretsa rabala kugwira. Pukutani galasi ndi mlomo wa rabala ndi nsalu yonyowa, muyesenso. Ngati pakudonthabe, yendetsani chala pa mlomo wonse kufunafuna pobenthuka. Pamabenthuka chovala chikapanidwa ndi chitseko, makamaka makina akadzazidwa mopitirira, mgolo n'kumachikoka pozungulira. Gwiraninso chitseko chili chotsegula, muchitukule pang'ono. Chikamasewera, ndiye kuti pomangirira pake pamasuka ndipo galasi silikukhalanso pakati pa rabala. Kumanga masikulu ake kutha kuthetsa nkhani yonse.

Malo achiwiri ndi khwinya lalikulu la m'kati, pakati pa chitseko ndi mgolo. Ili ndi limene limanamiza anthu, chifukwa likabooka madzi amagwera m'kati mwa makina, kutsogolo kuli gwa, n'kudzatulukira pansi. Kanulani khwinyalo ndi zala za manja onse awiri, muwalitse tochi, muyende kuzungulira konse pang'onopang'ono. Rabala ikakhala yosakokedwa ng'ambo imatsekeka yokha, ndiye muyenera kuitambasula kuti ioneke. Yang'anitsitsani m'munsi, mmene mumagwera ndalama zachitsulo, mapini a m'tsitsi, misomali ya m'matumba a maovolosi ndi kawaya ka m'kamisolo. Musaiwale pamwamba ndi m'mbali, pamene mkombero wa mgolo umakhula rabala ngati mgolowo wayamba kulendewera. Mukapeza pothetheka mosalala ngati pofufutidwa, kusintha rabala yokha sikukwanira, chifukwa chimene chinaidya chidzadyanso yatsopano.

M'munsi mwa khwinyalo muli timabowo tobwezera madzi mumgolo. Timeneti n'topangidwa dala, musatimate. Tikatsekeka ndi litsiro madzi amadikha m'khwinya, rabala imada ndi nkhungu n'kuyamba kununkha. Kuda kokha sikutanthauza kuti rabala yabooka. Itsukeni, muzisiya chitseko chotsegula pang'ono mukamaliza kuchapa.

Ndapeza bowo. Kodi sindingangomata ngati chubu cha njinga?

Chigamba chitha kukupulumutsani masiku ochepa ngati bowo ndi laling'ono ndipo lili pamwamba, pomwe madzi amangowazapo. M'munsi sichikhalitsa. Rabalayi imapindika ndi kutambasuka nthawi iliyonse mgolo ukagwedezeka, m'madzi otentha a sopo, ndipo guluu wamba amakanuka.

Kusintha n'kotheka kwa munthu wodekha. Rabala imagwidwa ndi mikombero iwiri, wakunja wa waya wokhala ndi sipulingi ndi wam'kati womanga pa mgolo. Wakunja ndi wosavuta, koma wam'kati pa makina ambiri umafuna kuchotsa chivindikiro chapamwamba kapena khoma lonse lakutsogolo. Rabala yatsopano iyenera kukhala ya mtundu weniweni wa makina anu, choncho jambulani kachikwangwani ka nambala kamene kali m'mphepete mwa chitseko kapena kumbuyo musanapite kukagula. Poika, timabowo tija tikhale pansi penipeni, ndipo kachizindikiro ka pa rabala kalunjikane ndi ka pa mgolo. Pakani madzi a sopo pang'ono kuti ilowe mosavuta, mafuta kapena girisi ayi, chifukwa zimaononga rabala.

Chitseko chili bwino, koma madzi akutulukira m'munsi chakutsogolo. Ndiye pampu?

Musanaiweruze pampu, onani sefa yake. Pa makina ambiri m'munsi chakutsogolo, nthawi zambiri kudzanja lamanja, pali kachitseko kakang'ono. Kuseri kwake kuli chotsekera chozungulira, ndipo pambali pake pamakhala kapaipi kakang'ono kotulutsira madzi otsalira. Zulani pulagi, dikirani madzi azizire ngati munachapa ndi otentha, ikani thireyi kapena beseni losaya ndi tawulo, mutulutse madzi ndi kapaipiko. Ngati palibe, potokolani chotsekeracho kumanzere pang'ono pokha, madzi atuluke, mutseke, mukataye, mubwerezenso. Mukachimasula chonse nthawi imodzi mgolo uli ndi madzi, nyumba yonse isanduka dambo.

Sefa ikatuluka, chotsani zonse zimene yagwira, mutsukenso mazinga ake. Pa chotsekeracho pali rabala yozungulira, ndipo ndiyo imakonda kudontha: kamchenga kamodzi kapena kaulusi kogona pa rabalayo n'kokwanira. Nthawi zambiri kudontha kwa pamenepa kumayamba tsiku lomwelo limene wina anatsuka sefa n'kuibwezera mopendekeka kapena osaimanga mpaka pamapeto. Mukamaliza, pukutani ndi kuika tishu pansi pake poyesa.

Lowetsani chala m'bowo limene sefa yachokamo, mukhudze timapiko ta pampu. Tiyenera kuzungulira modumphadumpha, chifukwa m'kati muli maginito, ndipo zimenezo si vuto. Vuto ndi timapiko tothyoka, togwedera m'mbali kapena tokulungidwa ndi lasitiki.

Kuti muone pampu yeniyeniyo, tulutsani madzi onse, mutseke mpopi, ndipo pulagi ikhale yozula kwa mphindi zingapo, popeza zipangizo zina zimasunga magetsi kanthawi. Anthu awiri apendeketse makina chakumbuyo, mmodzi akhale akugwira. Makinawa ali ndi zolemetsa za simenti m'kati ndipo ambiri amapitirira makilogalamu 60, choncho musalowetse mutu pansi pake atangotsamira khoma. Ambiri pansi pawo ndi potseguka kapena pali chivindikiro chopepuka. Funafunani mizere yoyera ya sopo wouma, chifukwa madzi akauma amasiya njira yawo. Ikakhala pa thupi la pampu, polumikizana chigawo cha mota ndi chigawo chodutsa madzi, pampuyo yatha ndipo imasinthidwa yathunthu. Ikakhala pakamwa pamene paipi yavalidwa, onani kilipi yomanga, imene imachita dzimbiri kapena kusuntha. Finyani paipi yakuda ya pansi pa mgolo m'makwinya ake onse. Imabooka ndi msomali wochokera m'kati, imathetheka pokhulana ndi chitsulo, komanso makoswe amaikonda kwambiri makina akakhala pakhonde kapena m'chipinda chosungiramo chimanga.

Madzi amabwera ambiri nthawi imodzi, makina akamataya. Pamenepa bwanji?

Madzi ochuluka obwera mwadzidzidzi kumbuyo nthawi yotaya amaloza ku ngalande ya nyumba koposa makina. Pampu imakankha madzi mofulumira, ndipo paipi ya m'khoma ikakhala yotsekeka pang'ono ndi ulusi ndi mafuta a m'sinki, imalephera kumeza, madzi n'kubwerera pakamwa pake. Kuyesa kwake n'kosavuta: sololani paipi ya makina, muthire chidebe cha madzi m'paipi ya m'khomayo mwachangu. Akasefukira, muitane wokonza mapaipi, makina alibe mlandu.

Onaninso mmene paipi yotayira yakhalira. Mabuku a makina ambiri amafuna kuti pokhotera pake pakhale masentimita pakati pa 60 ndi 100 kuchokera pansi, ndipo buku la makina anu ndi limene lili ndi muyezo weniweni. Ikakhala pansi kwambiri, madzi amatuluka okha makina akudzaza. Isalowe mozama m'paipi ya m'khoma, masentimita 15 ndi okwanira, ndipo pakamwapo musamatepo ndi tepi chifukwa pamafunika mpweya. Imangirireni kuti isadumphe pampu ikayamba. Paipiyi ndi yapulasitiki yamakwinya imene imauma ndi dzuwa, ndipo imakonda kusweka pamene imatulukira m'thupi la makina.

Tapatseni chitsanzo cha kufufuza konseku kuyambira poyamba mpaka pamapeto.

Titenge makina a makilogalamu 7 amene akusiya madzi okwana pafupifupi kapu imodzi kutsogolo, kudzanja lamanzere, kuchapa kulikonse. Mwini wake watsimikiza kuti ndi rabala ya chitseko chifukwa yada ndi nkhungu, ndipo wafunsa kale mtengo wake.

Madziwo ndi otuwa ndi oterera, choncho mpopi ndi paipi yolowetsa zatuluka m'mlandu, ndipo katoni yakhala youma mphindi khumi ndi zisanu mpopi uli chotsegula. Pulogalamu yaifupi yayamba. Podzaza, kabokosi ka sopo n'kouma. Mgolo ukutembenuka, tishu yomatidwa pansi pa chitseko ndi youma, katoninso ndi youma. Apa rabala ya chitseko yatsala pang'ono kutuluka m'mlandu, chifukwa ino ndiyo nthawi imene imakhala m'madzi. Pampu italira, pakatoni pagwa madontho, ndipo agwera kumbuyo chakumanja. Atachotsa katoni n'kuthira madzi pang'ono pamalo omwewo, madziwo ayenda modutsa pansi pa makina mpaka kutsogolo kumanzere. Simenti ndiyo inali kuwanyamula.

Sefa itatsegulidwa, mwapezeka ndalama yachitsulo ndi pini ya m'tsitsi, koma rabala yake ndi yabwino ndipo kuzungulira kwake n'kouma. Makina atapendeketsedwa, thupi la pampu lilibe mizere yoyera, makilipi ali m'malo. Mzere woyera uli pa paipi yotayira, chikhatho chimodzi kuchokera pamene imatulukira kumbuyo, ndipo poipinda paoneka mng'alu wopyapyala pakati pa makwinya awiri. Pochapa, madzi m'paipiyi amakhala phee m'munsi osapanikizika, ndiye mng'aluwo umakhala wotseka. Pampu ikakankha, umatseguka. Makinawo anali atakankhidwira kukhoma mpaka paipi inapindika pamenepo.

Paipi yotayira yasinthidwa yonse, makina asunthidwa kuchoka kukhoma masentimita khumi, ndipo ayesedwa kawiri pa katoni youma, kachiwiriko muli matawulo. Rabala ya chitseko yangotsukidwa.

Ndi zizindikiro ziti zosonyeza kuti ntchitoyi yandikulira?

Choyamba ndi madzi ofiirira aja. Kumbuyo kwa mgolo kuli chitsulo chimene chimauzunguza, chodutsa m'mabering'i, ndipo kutsogolo kwa mabering'iwo kuli rabala yotsekera madzi. Rabalayo ikatha, madzi amalowa m'mabering'i, kutsuka girisi ndi kuyambitsa dzimbiri. Mukachotsa chivindikiro chakumbuyo mumaona mzere wadzimbiri ukutsika kuchokera pakati pa gudumu la lamba. Makina amalira mokokoma pofinya, ndipo mukazunguza mgolo ndi dzanja mumamva kukukuta. Kukonza kumafuna kutulutsa mgolo wonse, ndipo pa makina ambiri atsopano mgolo wakunja ndi womatidwa moti sutseguka. Funsani mtengo kaye musanavomere, chifukwa nthawi zina umayandikira wa makina ena.

Chachiwiri ndi makina odzaza madzi mpaka pakati pa galasi kapena kupitirira. Mukazula pulagi madzi n'kupitiriza kulowa, valavu yakanirira chotsegula, tsekani mpopi msanga. Akasiya, vuto lili pa kachipangizo koyeza kuchuluka kwa madzi kapena pa kapaipi kake kopyapyala ka mpweya. Chachitatu ndi mng'alu pa mgolo wakunja, kapena kudontha pa rabala ya chotenthetsera madzi, pomwe pali mawaya a magetsi. Zimenezi n'za mmisiri. Chimodzimodzi ngati magetsi a m'nyumba akuzima makina akangoyamba, kapena thupi lake likukunyerenyetsani mukaligwira.

Pa galasi lowerengera pakutuluka zilembo. Zingandithandize?

Zimathandiza pang'ono, koma kampani iliyonse ili ndi zake. Pa makina a Samsung, `LE` kapena `LC` amanena za kudontha, pomwe `5E` kapena `5C` amanena kuti madzi akulephera kutuluka. Pa a Bosch, `E23` amasonyeza kuti madzi alowa m'thireyi ya pansi pa makina, ndipo `E18` ndi za kutaya madzi. Pa a LG, `OE` ndi za kutayanso. Zilembozi zimakuuzani kuti pali madzi pomwe sayenera kukhala, koma bowolo muyenera kulipeza nokha. Dziwaninso kuti makina okhala ndi thireyi ya pansi amatha kudontha kwa nthawi simenti ili youma.

Anga ndi a migolo iwiri, wina wochapira wina wofinyira. Zimenezi zikundikhudza?

Njira yofufuzira ndi yomweyo, ndipo kwa inu n'kosavuta chifukwa mulibe rabala ya chitseko, komanso ambiri mwa makina amenewa alibe pampu: madzi amatuluka okha paipi ikagonekedwa pansi. Thirani madzi mumgolo wochapira, musayatse, muone. Akamatuluka pa paipi yotayira chotsekera chili chotseka, ndiye kuti pa rabala ya valavu yotayira pagona batani, ndalama kapena ulusi, kapena rabalayo yauma. Imapezeka mukachotsa chivindikiro chakumbuyo, ndipo imasinthika mosavuta. Akamadontha pakati penipeni pansi pa mgolo, yatha ndi rabala ya pansi pa mbale yozunguza zovala. Ku mgolo wofinyira, rabala ya pa chitsulo chozunguza ikang'ambika madzi amagwera pa mota mwachindunji, ndipo mota zambiri zofinyira zimapsa motero.

Madonthowo ndi ochepa. Ndingapitirize kuchapa podikira mmisiri?

Zitengera komwe akuchokera. Ngati mwaona ndi maso anu kuti ndi pa nati ya pa mpopi, pa kabokosi ka sopo kapena pa paipi yotayira kunja kwa makina, mutha kuchapa muli pomwepo, n'kutseka mpopi mukamaliza. Ngati akuchokera m'kati ndipo simunapeze malo ake, musayatsenso. Dontho limene likufika pa simenti ladutsa kale pafupi ndi mota, pampu ndi mawaya, ndipo kusintha mota kapena bolodi yamagetsi kumadula kuposa paipi iliyonse ya m'makinamo.

Mmisiri akabwera, muuzeni zinthu zitatu: mtundu wa madziwo, nthawi imene amatuluka, ndi malo a pakatoni pamene dontho loyamba linagwera. Ndipo musamulole kuchoka asanayese makinawo pa katoni youma inu mukuona.